Kugonera kukoleji, kuphunzira pa wikendi kapena kuphunzirira kunyumba: ndithandizeni maganizo

Nachisale wa ku Ntchisi

Ndikupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndili ndi satifiketi ya T2 ndipo ndagwira ntchito zaka 9, zitatu zomalizazi ndikuphunzitsa Sitandade 8. Pa MSCE ndinapeza makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi bayoloje, ndipo mtima wanga uli pa kukweza maphunziro kuti ndidzaphunzitse masamu ndi bayoloje kusekondale. Njira zimene ndikuziona ndi zitatu. Ndikhoza kupempha tchuthi cha maphunziro n'kukakhala kukoleji, ndikhoza kumapita ku Lilongwe Loweruka ndi Lamlungu lililonse, kapena ndikhoza kulembetsa maphunziro akutali aja timawatcha ODL, monga a ku Domasi kapena a ku Yunivesite ya Mzuzu. Ndili ndi ana awiri, wamng'ono ali ndi zaka 3, ndipo bambo a kunyumba ndi mlimi wa soya ndi mtedza, kotero ndalama yodalirika mwezi ndi mwezi ndi malipiro angawa. Sukulu yathu ilibe magetsi, ndipo kuti ndifike ku Lilongwe ndimayamba ndi njinga yamoto ndisanakwere minibasi. Ndikupempha amene munadutsamo mundiuze chimene munachiona ndi maso anu.

Mwale Wachichepere

Mayi Nachisale, ngati mpata wogonera kukoleji ulipo, musaganizenso kawiri. Ine ndinamaliza digiri ya zaka 4 ndikukhala pasukulu, ndipo aphunzitsi, laibulale ndi anzanga okambirana nawo anali pafupi tsiku lililonse. Komanso kunja kuno olemba ntchito amaderera pepala la maphunziro akutali, amati munthu sanaphunzire mokwanira.

Aphiri a ku Zomba

A Mwale, mbali yoyamba mwanena zoona, koma yachiwiriyo ndikupempha kuti tiiyang'anenso. Ndakhala m'ntchito yophunzitsa aphunzitsi zaka zambiri, ndipo ena mwa amene ndinawaphunzitsa anali a maphunziro akutali. Koleji ya Domasi inayamba kupereka dipuloma ya uphunzitsi m'njira imeneyi cha m'ma 2000, makamaka pofuna kuthandiza aphunzitsi a T2 amene ankaphunzitsa m'masekondale oyendera a m'madera opanda dipuloma, ndipo Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba a ODL mu 2011. Anthu amenewa ali m'masukulu a boma lero, ena ndi ahedi. Chimene boma limayang'ana polemba kapena pokweza mphunzitsi ndi chakuti pepalalo lachokera kusukulu yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite la NCHE, ndiponso kuti maphunziro enieniwo, osati dzina la sukulu lokha, ndi ovomerezeka. Pepala limene limavutitsa mwini wake ndi lochokera ku maphunziro osavomerezeka, ngakhale munthu atagonera komweko zaka zonse 4.

Kwa inu Mayi Nachisale, ndikuona kuti funso lenileni si lakuti njira yabwino koposa ndi iti, koma lakuti ndi njira iti imene kalendala yake ingalowane ndi kalendala ya moyo wanu. Ambiri amene ndinawaona akusiyira panjira sanalephere chifukwa cha nzeru, ndipo ochepa okha ndi amene analephera chifukwa cha fizi yeniyeniyo. Analephera chifukwa nthawi imene sukulu inawafuna kwambiri inali yomweyo imene ntchito kapena banja linawafuna kwambiri. Inu mwatchula Sitandade 8, ndipo pamenepo ndi poyambira. Ophunzira akutali amaitanidwa kukoleji kukakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso kwa masabata angapo, ndipo kwa aphunzitsi nthawi imeneyi imakonda kuikidwa pa holide. Koma tonse tikudziwa kuti mphunzitsi wa Sitandade 8 sakhala ndi holide yeniyeni ya teremu yoyamba ndi yachiwiri, chifukwa makolo ndi ahedi amayembekezera kuti azikonzekeretsa ana mayeso a MANEB. Kodi ahedi anu angavomere kukusunthirani ku Sitandade 5 kapena 6 kwa zaka zimenezi? Yankho la funso limeneli ndi lolemera kuposa kusiyana kwa fizi.

Nachisale wa ku Ntchisi

Zikomo kwambiri bambo Phiri. Za holide ndinali ndisanaziganize motero. Ndikuona kuti kusuntha kalasi kukhala kovuta, chifukwa pasukulu pathu amene timaphunzitsa masamu m'makalasi a kumtunda tilipo awiri okha, ndipo mnzangayo akuyembekezera kupuma pantchito. Komabe ndikawafunsa ahedi. Nanga za wikendi mukuziona bwanji? Zinandikopa chifukwa ndimamva bwino masamu munthu akamandiwerengera pa bolodi kusiyana ndi kuwerenga ndekha.

Mbewe wa ku Chilobwe

Ndiloleni ndiyankhe za wikendizo, ngakhale ntchito yanga si ya uphunzitsi. Ndine wowerengera ndalama pa kampani ina mu Blantyre, ndipo ndinachita maphunziro a akaunti ndikugwira ntchito, poyamba madzulo, kenaka Loweruka ndi Lamlungu, n'kumalemba mayeso a bungwe la owerengera ndalama la ICAM. Njira imeneyi inandithandiza kwambiri, chifukwa chimene ndaphunzira Loweruka ndinkakachipeza pa desiki Lolemba, ndipo malipiro sanaime. Koma ndinene mosabisa kuti inatheka chifukwa kuchokera kunyumba kukafika m'kalasi inali minibasi imodzi. Ngakhale zinali choncho, sabata yotseka mabuku a mwezi ndinkajomba kawirikawiri, ndipo mayeso a mu Disembala ankandipeza tili pakati pokonzekera kutseka chaka, moti phunziro lina ndinalilemba katatu.

Tsono inu tawerengani maulendo. Tinene kuti semesita ili ndi masabata 14 ophunzira. Kalasi ikamayamba 8 koloko m'mawa Loweruka, simungachoke kwanu tsiku lomwelo, ndiye kuti munyamuke Lachisanu mukaweruka, mugone ku Lilongwe usiku uwiri, mubwerere Lamlungu madzulo, ndipo Lolemba 7 koloko mukhale pamaso pa ana. Pa semesita imodzi ndi maulendo 14 opita ndi kubwera ndiponso kugona kunja masiku 28. Pa chaka ndi maulendo 28 ndi masiku 56, osawerengera sabata za mayeso, zimene nthawi zina zimagwa mkati mwa sabata. Tengani mtengo wa njinga yamoto ndi minibasi wa lero, muchulukitse ndi 56, popeza ulendo uliwonse uli ndi kupita ndi kubwera, muonjezepo chakudya ndi pogona, kenaka muyerekeze ndi fizi. Kwa anzanga amene ankachokera ku Mulanje ndi ku Mwanza, ndalama ya panjira inkafanana ndi fizi kapena kuiposa. Ndipo mukumbukire kuti mu Januwale ndi Febuluwale msewu wa fumbi suyendeka monga mu Julayi.

Nabanda

Ine ndikuona kuti mukuwaopseza mayiwa. Mchemwali wanga anaphunzira kusukulu yamadzulo ya MCDE pafupi ndi kwathu, ankalowa 2 koloko n'kuweruka 5 koloko, ndipo anakhoza bwinobwino popanda maulendo onsewo. Ku Ntchisi sukulu zoterezi zilipo, bwanji osalembetsa kumeneko?

Aphiri a ku Zomba

Mayi Nabanda, zimene mchemwali wanu anachita ndi zoyamikika, koma sukulu zimenezo zimakonzekeretsa munthu mayeso a JCE ndi MSCE. Mayi Nachisale MSCE ali nayo kale ndi makirediti okwanira, ndipo akufuna dipuloma kapena digiri, imene imaperekedwa ndi koleji kapena yunivesite.

Ndibwerere ku mawerengedwe a bambo Mbewe, chifukwa ndi oona, koma ndikufuna tiwerengenso maola, osati ndalama zokha. Pali chinthu chimene anthu samachimvetsa pa maphunziro akutali: ntchito yake siichepa, imangosamuka. Zimene wogonera kukoleji amazimva m'kalasi, inu mudzaziwerenga nokha m'mabuku aja timawatcha mamojulo. Tinene kuti mwapatsidwa maphunziro 5 pa semesita. Malinga ndi zimene ndinaona, phunziro lililonse limafuna maola 4 kapena 5 pa sabata kuti munthu awerenge, ayese mafunso ndi kulemba asayimenti, ndipo masamu amafuna kuposa pamenepo chifukwa sawerengedwa ngati nthano, amafuna pensulo ndi pepala. Zonse pamodzi ndi maola 20 mpaka 25 pa sabata.

Tsopano tiyang'ane sabata yanu. Madzulo a mphunzitsi wa Sitandade 8 amathera pa kuchonga makope, kulemba mapulani a mawa, kuphika ndi kusamalira mwana, choncho sindikuwawerengera. Mukamadzuka 4 koloko n'kuwerenga mpaka 6 koloko kuyambira Lolemba kufika Lachisanu, mwapeza maola 10. Loweruka mukapatula maola 6, ndipo Lamlungu mukachoka kutchalitchi maola 3, zonse zakwana maola 19. Mukuona kuti ngakhale pa sabata yopanda maliro, yopanda mwana kudwala, yopanda kupalira, mwatsala pang'ono kufika pa mlingo wotsikitsitsa. Sindikunena izi kuti mugwe ulesi. Ndikunena kuti musanalipire ndalama ya fomu, dziyeseni nokha kwa masabata 4. Tengani buku la masamu la Fomu 4, mutsate ndondomeko imeneyi monga ngati mwayamba kale, ndipo tsiku lililonse mulembe m'kope maola amene mwawerengadi. Pakutha pa mwezi kopelo lidzakuuzani zoona kuposa ife tonse. Mukapeza maola 18 kapena kuposa, maphunziro akutali mungawathe. Mukapeza 10, ndiye kuti pali china choyenera kusintha kaye, kaya kalasi imene mukuphunzitsa, kaya kupeza wachibale wokuthandizani mwana, kaya nyale ya sola yodalirika.

Nankhoma wa ku Kasiya

Ine ndinadutsa njira yomweyi, ndipo ndikuchitira umboni mawu a bambo Phiri. Ndinali mphunzitsi wa kupulayimale ngati inu, ndipo ndinamaliza maphunziro akutali, koma ndinachedwa ndi chaka chathunthu. Ndikufuna ndikuuzeni chimene chinandichedwetsa kuti inu chisakupezeni.

Chaka choyamba zinayenda bwino chifukwa ndinali ndi changu. M'chaka chachiwiri mayi anga anadwala miyezi iwiri, ndipo ndinatsalira m'mbuyo ndi mitu itatu pa phunziro lina la masamu. M'malo movomereza, ndinayamba kuwerenga mojulo cham'mbuyo, kutanthauza kuti ndinkayang'ana funso la asayimenti kaye n'kufufuza tsamba limene lili ndi chitsanzo chofanana nalo. Pa gulu lathu la pa foni anzathu ankatumiza mayankho awo, ndipo ine ndinkangosintha pang'ono. Malikisi a asayimenti anali okwera, ndipo ndinadzinamiza kuti zinthu zili bwino. Nditalowa m'chipinda cha mayeso ndinapeza kuti sindingathe kuyamba funso lililonse popanda chitsanzo pambali. Ndinalephera, ndinalepheranso mayeso obwereza, ndipo popeza phunziro lotsatira linkadalira limenelo, chaka chinapita. Chizindikiro chake ndi chimenechi, mayi: mukaona kuti mwayamba kutsegula mojulo pokhapokha asayimenti ikayandikira, dziwani kuti mwayamba kale kutsetsereka, ngakhale malikisi akhale abwino. Wogonera kukoleji mphunzitsi amamuona nkhope ikusonyeza kusamva. Inu palibe adzakuoneni.

Chachiwiri n'chaching'ono koma chinandipweteka. Asayimenti yanga ina inasowa, ndipo ndinalibe umboni woti ndinapereka. Kuyambira pamenepo ndinkajambula tsamba lililonse pa foni ndi kusunga uthenga wosonyeza tsiku limene ndatumiza. Masiku ano zambiri zimatumizidwa pa intaneti, choncho fufuzani malo apafupi amene netiweki imagwira bwino, ndipo musamayembekeze tsiku lomaliza.

Ngakhale zinali choncho, ndikanabwerera m'mbuyo ndikanasankhanso njira yomweyi. Ana anga sanasiye kundiona, malipiro sanaime, nyumba ya pasukulu sindinatulukemo, ndipo pa chaka ndinkayenda maulendo ochepa owerengeka pa dzanja limodzi.

Mwale Wachichepere

Ndavomereza kuti ndinalakwitsa pa nkhani ya pepala, ndipo ndathokoza pondiwongolera. Koma zimene mayi Nankhoma afotokozazi zikulimbikitsa mfundo yanga ina. Iwo anataya chaka, ndipo chaka chimenecho ndi fizi ina ndiponso kuchedwa kukwezedwa. Maphunziro akatalika amakumananso ndi kukwera kwa zinthu. Tonse tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali pakati pa maphunziro anaona mtengo wa ulendo, mapepala ndi bandulo ukusintha m'manja mwawo. Ngati boma limapereka tchuthi cha maphunziro munthu akulandirabe malipiro, bwanji mayiwa asapirire zaka zochepa n'kumaliza mwachangu? Komanso bayoloje imafuna labotale. Kodi munthu angaphunzire kugwiritsa ntchito maikulosikopu kudzera m'mojulo?

Aphiri a ku Zomba

Funso la labotale ndi lolondola ndithu, ndipo ndi malire enieni a maphunziro akutali. Zoyesayesa za sayansi zimaunjikidwa m'masabata ochepa aja okumana maso ndi maso, kotero zimene wogonera amazichita pang'onopang'ono semesita yonse, wakutali amazichita mothamanga, m'mawa ndi masana. Zimatheka, koma munthu amene wajomba masabata amenewo sangazibwezere kunyumba. Masamu alibe vuto limeneli, ngakhale ali ndi lawo limene mayi Nankhoma alifotokoza.

Pa za tchuthi cha maphunziro, ndikupempha kusamala. Kalata yokuitanani kukoleji si chilolezo chochoka pantchito. Pempho limadutsa kwa ahedi, kwa alangizi a zoni, kuofesi ya maphunziro ya pa boma, mpaka kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndipo limatenga nthawi. Likhoza kuvomerezedwa ndi malipiro, likhoza kuvomerezedwa popanda malipiro, kapena likhoza kukanidwa, makamaka pamene sukulu ili ndi aphunzitsi ochepa. Ndinaonapo aphunzitsi amene ananyamuka atangolonjezedwa pakamwa kuti kalata ikubwera, ndipo patapita miyezi anapezeka kuti akuwerengedwa ngati othawa ntchito, malipiro ataimitsidwa. Musanyamuke musanagwire kalata yosainidwa m'manja, ndipo muwerenge bwino zimene ikunena za zaka zimene mudzayenera kugwira ntchito mukabwerera.

Ndipo ngakhale malipiro atapitirira, kumbukirani kuti malipiro amodzi adzayendetsa makomo awiri kwa miyezi 8 kapena 9 pa chaka. Malo ogona a pakoleji sakwanira onse, choncho ambiri amachita lendi kunja. A Mwale, inu munaphunzira muli mnyamata wopanda wokuyang'anirani m'manja. Mayiwa akusiya mwana wa zaka 3.

Pali chinanso chimene sitinachitchule ndipo chimakhudza njira zonse zitatu. Maphunziro a uphunzitsi wa kusekondale amafuna kuti munthu akayeserere kuphunzitsa kusekondale kwa nthawi yotalikirapo, kawirikawiri pafupifupi teremu, akuyenderedwa ndi aphunzitsi ake. Mphunzitsi wa kupulayimale sangachitire zimenezi m'kalasi mwake. Choncho ngakhale mutasankha maphunziro akutali, idzafika teremu imene mudzafunika kumasulidwa, ndipo ndi bwino ahedi ndi alangizi a zoni adziwe zimenezi kuyambira pachiyambi, kudzera m'kalata, osati chaka chomaliza.

Mbewe wa ku Chilobwe

Ndifunse nawo chinthu chimodzi, chifukwa kwathu kukampani munthu akabweretsa pepala latsopano amakambirana za malipiro mwezi womwewo. Kodi m'boma zimatero? Ngati sizitero, ndiye kuti phindu la kumaliza msanga limene a Mwale akunena likuchepa.

Nankhoma wa ku Kasiya

Sizitero, bambo Mbewe. Pepala limakupatsani ufulu wofunsira malo akalengezedwa, ndipo mumayenera kukayesedwa mafunso ndi bungwe lolemba ntchito aphunzitsi. Ine nditamaliza ndinakhalabe kupulayimale pa giredi yanga yakale kwa nthawi ndithu ndisanasamutsidwe. Anzanga ena amene anagonera kukoleji anamaliza ine ndisanamalize, koma tinakakumana pa mzere umodzi wa mafunso. Komabe ndiyenera kunena chilungamo kuti aphunzitsi a masamu ndi sayansi amasowa kwambiri m'masekondale a kumidzi, choncho maphunziro amene mayi Nachisale asankha akhoza kuwafupikitsira kudikira. Pa chifukwa chimenechi sindingawalangize kusiya bayoloje mofulumira chifukwa choopa labotale.

Mwale Wachichepere

Apo ndiye sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mphunzitsi amene anaigwira maikulosikopu masiku owerengeka adzaphunzitsa ana bayoloje ya pa bolodi, ndipo vutolo lidzapitirira kwa ana. Ngati asankha ODL, ine ndikanakonda atenge masamu ndi phunziro lina losafuna zipangizo.

Aphiri a ku Zomba

Nkhawa yanu ndi yomveka, a Mwale, ndipo sindingaikane yonse. Ndinaonapo ophunzira akutali amene anapempha kumathandizira mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale yapafupi Loweruka, ndipo manja awo anazolowera zipangizo kuposa ena ogonera. Ndinaonanso ena amene anamaliza akuopabe kulowa mu labotale. Zimatengera ngati pafupi ndi mayiwa pali sekondale yokhala ndi zipangizo, ndiponso ngati koleji imene asankhe imalola maphunziro awiriwa kutengedwa pamodzi, chifukwa kaphatikizidwe ka maphunziro kamasiyana koleji ndi koleji ndipo kamalembedwa pa chilengezo cha chaka chimenecho.

Nachisale wa ku Ntchisi

Ndathokoza nonse, ndipo ndabwera ndi zimene ndapeza masiku atatu apitawa. Ndinawerengera ulendo wa ku Lilongwe monga bambo Mbewe ananenera, ndipo njinga yamoto, minibasi ndi chakudya, ngakhale nditamagona kwa msuweni wanga ku Area 25 osalipira, zikudya gawo la malipiro anga limene sindingalipirire pamodzi ndi fizi. Za wikendi ndazisiya, ngakhale mtima ukuwawa chifukwa ndi njira imene ndikanamva bwino masamu.

Ndinalankhulanso ndi ahedi. Anandiuza kuti chaka chino sangandichotse mu Sitandade 8, koma mayeso akadutsa adzayang'ana ngati angandipatse Sitandade 6, malinga ngati kutabwera mphunzitsi wina. Za tchuthi cha maphunziro anati pempho adzalitumiza ndikalemba, koma sanandilonjeze kanthu. Bambo a kunyumba akuti iwo angakonde ndiphunzirire pakhomo, pomwe mayi anga akuti ndipite kukoleji, mwanayo adzamusunga okha.

Kuyeserera kwa masabata 4 ndayamba Lolemba. Tsiku loyamba ndinawerenga maola awiri onse, lachiwiri nyale inazima 5 koloko chifukwa kunali mitambo ndipo batire silinadzaze, lachitatu mwana anadzuka nane limodzi. Zonse ndikulemba m'kope monga munandiuzira, bambo Phiri. Sekondale yoyendera ya pafupi ndi ife ilibe labotale, koma pali ina pa mtunda wa ola limodzi pa njinga yakapalasa imene ili nayo, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita kukaonana ndi mphunzitsi wa bayoloje wa kumeneko. Mayi Nankhoma, ngati mamojulo anu a masamu a chaka choyamba mukadali nawo, ndikupempha mundibwereke, kuti masabata atatu otsalawa ndiyesere pa buku lenileni la kukoleji m'malo mwa la Fomu 4.